Tepi imodzi ikwanira, koma idzachedwa

Makina amene Alan Turing anawafotokoza mu 1936 ali ndi tepi imodzi yogawidwa m'timabokosi, mutu umodzi wowerenga ndi kulemba, ndiponso malamulo owerengeka. Wophunzira akamva kuti makina a matepi ambiri, ngakhalenso aja osankha njira, saposa makina wambawa mphamvu, amakayika, ndipo sindimuimba mlandu. Vuto lagona pa liwu loti mphamvu. Pano likutanthauza chinthu chimodzi chokha: funso lililonse limene enawo angayankhe, makina wamba angaliyankhenso. Za liwiro silikunenapo kanthu. Umboni wake ndi kutsanzira, ndiye kuti kumanga makina wamba ochita sitepe iliyonse ya anzakewo popanda kuphonya.

Tiyerekeze makina a matepi awiri. Pa tepi yoyamba palembedwa `101`, mutu uli pa `0`. Pa yachiwiri pali `ab`, mutu uli pa `a`. Wotsanzira amalemba zonsezi mondondozana pa tepi yake imodzi, `#101#ab#`, chizindikiro cha `#` nʼkukhala malire. Popeza mutu ali nawo umodzi, amaika kadontho pamwamba pa `0` ndi pa `a` kusonyeza pamene mitu iwiri ija yaima. Kuti atsanzire sitepe imodzi, amayenda kuchokera kumanzere mpaka kumapeto akuwerenga zizindikiro za madontho. Kuzikumbukira sikuvuta, chifukwa chiwerengero cha matepi sichisintha. Kenako amadutsanso, kulemba zatsopano ndi kusuntha madontho. Pamene ambiri amapunthwa ndi apa: dontho likagwera pa `#`, ndiye kuti tepi imeneyo yafuna malo ena, choncho zonse za kumanja ziyenera kukankhidwa kabokosi kamodzi. Woiwala zimenezi amafufuta malire, ndipo mudzamudziwa poona `101` ndi `ab` zitalumikizana ngati mawu amodzi.

Wina angatsutse kuti kuyenda uku ndi uku koteroko nʼkutaya nthawi, nanga bwanji tikuti makinawa ndi ofanana? Kutaya nthawiko nʼkoona, ndipo kumayezeka. M'masitepe t tepi iliyonse singatalike ndi timabokosi toposa t, motero ntchito yonse imafika cha ku t², monga anasonyezera Juris Hartmanis ndi Richard Stearns mu 1965. Masitepe 1,000 amasanduka a m'mamiliyoni. Kuchedwaku sikuti kumangobwera chifukwa cha kutsanzira kosalongosoka. Taonani mawu owerengeka chimodzimodzi kuchokera mbali zonse, monga "ana". Ndi matepi awiri mumakopera mawuwo, nʼkuyerekeza mutu wina ukupita kutsogolo wina ukubwerera, basi. Ndi tepi imodzi mutu uyenera kuthamanga pakati pa chiyambi ndi mathero mobwerezabwereza, ndipo zinatsimikizidwa kuti pa mawu a zilembo n masitepe ake amakula ngati n², palibe njira yachidule. Komabe yankho limatuluka lomwelo, ndipo ndi zokhazo zimene tinalonjeza.

Makina osankha njira ndiwo amasokoneza kwambiri. Pa sitepe imodzi malamulo awo amalola zochita zingapo, ndiye ulendo wawo umaphuka nthambi ngati mtengo, ndipo timati avomera ngati nthambi imodzi yokha yafika povomera. Ena amati makinawa amalosera njira yolondola, koma wotsanzira safuna ula: amangoyesa njira zonse. Amagwiritsa ntchito matepi atatu, amene taona kale kuti angapindidwe kukhala imodzi. Yoyamba imasunga funso losasinthidwa, yachiwiri ndi yochitirapo ntchito, yachitatu imasunga mndandanda wa zisankho. Ngati zisankho zili ziwiri, amayesa `1`, `2`, `11`, `12`, `21`, `22`, `111`, ndipo ulendo uliwonse amayambiranso pachiyambi. Dongosolo loyamba ndi njira zazifupili ndiye mtima wa umboni wonse. Akanati atsate nthambi imodzi mpaka kumapeto, akanatha kulowa m'nthambi yosatha, pamene yankho lili pa `2`, sitepe imodzi yokha kuchokera pa tsinde. Nanga ngati palibe nthambi yovomera, ndipo ina ndi yosatha? Wotsanzira saima, koma ngakhale makina akutsanziridwawo sanavomere, choncho palibe chasemphana.

Mtengo wake ndiwo woopsa. Zisankho ziwiri pa masitepe 40 zimabala njira 2⁴⁰, zoposa 1,000,000,000,000. Apa mpamene kutsanzira kuwiriku kumasiyana, ndipo nʼkulakwa kukuphunzitsa ngati chinthu chimodzi. Za matepi ambiri tikudziwa kuti kuchedwa kwake sikupitirira t². Za kusankha njira, funso loti kodi pali kutsanzira kofulumira ndilo lija la P ndi NP, limene Stephen Cook analiika poyera mu 1971, ndipo mpaka lero palibe amene waliyankha.