Mjigo uli ndi mwini?

M'maphunziro a makomiti a pamjigo muli mawu amene aphunzitsi amawakonda kwambiri: umwini. Anthu akhale ndi umwini pa mjigo wawo, amatero. Chimene akufuna kunena n'chomveka. Boma kapena bungwe likakumba n'kuchoka, omwa madziwo azisonkha ndalama, azisesa, ndipo raba wa pampu ya Afridev akatha azigula okha. Koma ameneyo ndi udindo. Pa Chichewa mwini ndi munthu amene angathe kukaniza. Mwini munda amakaniza, mwini ng'ombe amakaniza, ndiye mwini mjigo alekerenji kuika loko?

Tiyerekeze midzi iwiri yomwera pamjigo umodzi. Akatswiri anapeza madzi m'dera la mudzi wakumtunda, koma njerwa ndi mchenga anatuta onse. Pokonza mapulani amawerengera anthu 250 pa mjigo, apa omwa apitirira kale. M'komiti ya anthu khumi, asanu ndi atatu ndi akumtunda, msungichuma yemwe. Mwezi wa Okutobala madzi achepa, amayi akulawirira m'mbandakucha, kenako pampu yafa. Akumunsi akuti sitisonkha, ndalama zakale sitinaone kumene zinapita. Akumtunda akonzetsa okha n'kukhoma loko. Tsopano agulupu aitanitsa midzi yonse, ndipo ali ndi mphindi zitatu zotsegulira.

Akangoti "eni mjigo ali apa, odandaula ali apo," msonkhano watha usanayambe, chifukwa funso limene anthu abwerera layankhidwa kale m'malonje. Chonsecho lamulo la madzi la 2013 linaika madzi onse a m'dziko muno m'manja mwa boma, ndipo mwambo wathu sulola kumana munthu madzi akumwa. Chimene mudzi wakumtunda uli nacho ndi malo pamene pali chitsulocho ndiponso ngongole imene anzawo sanabweze. Zimenezi n'zenizeni ndipo ziyenera kutchulidwa, koma ndi mayina ake: malo, chopereka, kaundula wa ndalama.

Mawu ena oterera ndi mlandu. Ophunzira ambiri amaona ngati kuweruza ndi kuyanjanitsa n'chimodzi, poti zonse zimachitikira pabwalo, pamaso pa mfumu yomweyo. Koma mlandu umafuna wolakwa, umatha ndi chindapusa, ndipo akale anati suwola. Amene walipitsidwa mbuzi lero adzaikumbukira mbuziyo tsiku limene pampu idzafenso. Wotsegula wodziwa ntchito amati nkhani, ndipo nkhani amakambirana. Angalankhule chonchi:

"Zikomo mafumu, zikomo amayi ndi abambo a midzi yonse iwiri. Lero sitinabwere kudzazenga mlandu, ndipo palibe amene achoke pano atalipa. Tabwera chifukwa pamjigo pali loko, ndipo ana a kumunsi akumwa za m'dambo. Tabweranso chifukwa ena anakonzetsa pampu ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo mtima ukuwapweteka. Zonse ziwiri tizimva. Ayambe amayi amene amatunga, kenako msungichuma atiwerengere kaundula, mafumu alankhule pomaliza. Wina akamalankhula, tisamudule pakamwa."

Onani kuti m'menemo mulibe mwini, ndipo mwatchulidwa madandaulo awiri, limodzi mbali iyi, lina mbali iyo. Kuyambitsa amayi si ulemu chabe. Iwo ndiwo amadziwa amene amadumpha mzere ndi ora limene madzi amayamba kutuluka a matope. Mafumu akayamba, otsatira onse amangoikira kumbuyo mfumu yawo.

Pali anzanga amene amadana ndi mawu obwereka, amafuna komiti ikhale kabungwe, makaniko akhale mmisiri. Ine nkhondo imeneyo sindiimenya. Mawu akuti komiti anabwera opanda katundu, ndipo sanayambanitsepo anthu. Oopsa ndi mawu athu enieni akapatsidwa tanthauzo latsopano mu ofesi, kumudzi akadali ndi lakale. Wophunzitsa amanena china, womvera amamva china, ndipo onse amabalalika akukhulupirira kuti amvana.

Gwero lake n'lakuti mabuku a maphunzirowa amayamba kulembedwa m'Chingerezi, Chichewa n'kubwera pambuyo, womasulira ali pa changu. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linkalamula mawu, nthawi zina mwankhanza ndithu, ndipo sindikulilira. Linalowedwa m'malo mu 1996 ndi likulu loona za ziyankhulo la ku yunivesite ku Zomba, limene limafufuza ndi kulangiza, koma silikakamiza aliyense. Choncho bungwe lililonse lokumba mijigo lili ndi Chichewa chakechake. Sindikupempha wapolisi wa mawu. Ndikadakonda kuti buku lisanasindikizidwe, ndime ya umwiniyo iwerengedwe mokweza pamaso pa mafumu ndi amayi a midzi iwiri yomwera pamodzi, kenako afunsidwe funso limodzi: malinga ndi zimene mwamvazi, kiyi asunge ndani?