Tanthauzo la "mabiti khumi" pa chipangizo choyezera

Mawu akuti "mabiti khumi" amanena kuchuluka kwa magawo amene kabodi ngati Arduino Uno kamagawira mphamvu ya magetsi yochokera ku sensa. Biti iliyonse imakhala 0 kapena 1, choncho mabiti khumi amapereka manambala 1024 okha, kuyambira 0 mpaka 1023. Kabodika kakamayeza pakati pa 0 ndi mavoti 5, gawo lililonse limakhala pafupifupi mamilivoti 4.9. Kusintha kochepera pamenepa nthawi zambiri sikuoneka.

Mwachitsanzo, woweta nkhuku ku Mchengautuwa, kumene kumazizira kwambiri mu Juni, angaike sensa ya LM35 m'khola la anapiye. Sensayi imatulutsa mamilivoti 10 pa digiri iliyonse, ndiye gawo limodzi ndi pafupifupi theka la digiri. `analogRead()` ikapereka 65, kutentha ndi madigiri 31.7, ikapereka 66, ndi 32.2. Pakati palibe nambala ina.

Komatu kuchepa kwa gawo si kulondola. Batire ikafooka, mavoti 5 aja n'kutsikira pa 4.6, nambala imakwera ngakhale khola lisanatenthe, ndipo anapiye angazizidwe mwiniwake akuyesa ali bwino. Kusankha `analogReference(INTERNAL)`, kumene kumapereka mavoti pafupifupi 1.1 osadalira batire, kumachepetsa gawo kufika pafupifupi digiri 0.1.