Kachilombo Kamene Kamayambitsa Zilonda Zambiri za M'mimba: Kayezedwe ndi Mankhwala Ake

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimayamba chifukwa cha nkhawa, kudya tsabola wambiri kapena kuchuluka kwa asidi. Odwala ankapatsidwa mankhwala ochepetsa asidiyo, zilonda zinkapola, koma mwa ambiri zinkayambiranso chaka chisanathe. Masiku ano zikudziwika kuti zilonda zambiri zimayambitsidwa ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Helikobakita pailori, kamene pa mapepala a kuchipatala kamalembedwa kuti H. pylori. Kachilomboka kakaphedwa, nthawi zambiri zilonda sizibweranso.

Mmene Kanatulukidwira

Mu 1979, dokotala woyeza minofu pa chipatala cha Royal Perth ku Australia, Robin Warren, anaona tizilombo topindika m'minofu yochotsedwa m'chifu cha odwala. Panthawiyo akatswiri ambiri ankati palibe bakiteriya amene angakhale mu asidi wa m'chifu. Warren anagwirizana ndi dokotala wachinyamata Barry Marshall, ndipo mu 1982 anakwanitsa kuweta tizilomboti mu labotale. Poona kuti anzawo sakukhulupirira, mu 1984 Marshall anamwa madzi okhala ndi tizilomboti, ndipo patangopita masiku ochepa anayamba kusanza, chifu chake chinapezeka chotupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Mmene Kamakhalira M'chifu

Khoma la chifu limakutidwa ndi madzi onanda amene amaliteteza ku asidi. Kachilomboka kamalowa pansi pa madzi onandawa, ndipo kamatulutsa mphamvu yotchedwa yuriyezi. Mphamvuyi imaswa yuriya wopezeka m'chifu n'kupanga amoniya ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Amoniya amaziziritsa asidi pamalo pamene kachilomboka kali, motero kamatha kukhala m'chifu kwa moyo wonse wa munthu.

Kukhala kwake pamenepo kumatupitsa khoma la chifu. Kutupako kukakhala kumunsi kwa chifu, asidi amachuluka n'kuwotcha chiyambi cha matumbo aang'ono. Ululu wa chilonda cha pamenepa kawirikawiri umamveka munthu akakhala ndi njala kapena pakati pa usiku, ndipo umachepa akadya. Kutupako kukafalikira chifu chonse, khoma limapyapyala pang'onopang'ono, ndipo pamabuka chilonda cha m'chifu mwenimweni kapena, patapita zaka zambiri, khansa. Mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika kachilomboka m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa.

Anthu ambiri amatenga kachilomboka ali ana, kuchokera kwa abale a m'nyumba imodzi, kudzera m'malovu, masanzi, chimbudzi kapena madzi osatetezedwa. Pa dziko lonse, akuluakulu pafupifupi 4 mwa 10 alionse ali nako, ndipo m'mayiko ambiri a mu Africa chiwerengero chimaposa theka. Komabe ambiri sadwala. Amene amatuluka zilonda ndi munthu mmodzi kapena awiri mwa 10 alionse amene ali ndi kachilomboka, ndipo odwala khansa ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Chinthu chachiwiri chimene chimayambitsa zilonda ndi mankhwala opha ululu monga asipulini, bulufeni ndi dikilofenaki akamamwedwa kawirikawiri. Munthu amene ali ndi kachilomboka ndipo akumwanso mankhwalawa amakhala pachiopsezo chachikulu choti chilonda chake chituluke magazi.

Njira Zinayi Zoyezera

Njira yoyamba ndi yoyeza mpweya. Wodwala amamwa yuriya amene waikidwa chizindikiro chapadera. Ngati kachilomboka kali m'chifu, kamaswa yuriyayo, ndipo chizindikirocho chimapezeka mu mpweya umene munthuyo akupuma pakatha mphindi 10 mpaka 30. Njira yachiwiri ndi yoyeza chimbudzi, imene imafufuza tizidutswa ta kachilombo kenikeniko. Njira ziwirizi zimasonyeza ngati kachilomboka kalipo panthawi yoyezayo.

Njira yachitatu ndi yoyeza magazi, ndipo ndi imene imapezeka mosavuta m'zipatala zing'onozing'ono chifukwa ndi yotsika mtengo. Vuto lake ndi lakuti imayeza chitetezo chimene thupi linapanga polimbana ndi kachilomboka, ndipo chitetezochi chimakhalabe m'magazi kwa miyezi kapena zaka kachilomboka katafa kale. Choncho magazi sangasiyanitse matenda amene alipo ndi amene anatha, ndipo sangagwiritsidwe ntchito poona ngati munthu wachira.

Njira yachinayi ndi ya endosikope, kachipangizo kooneka ngati payipi kokhala ndi kamera, kamene kamalowetsedwa kukhosi mpaka m'chifu. Dokotala amaona chilonda ndi maso ake ndipo amatapa kamnofu koti akayeze. Njirayi ndi yofunika kwa munthu amene akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda bii chonanda, akuwonda popanda chifukwa, akuvutika kumeza, akusanza mosalekeza kapena wachepa magazi, komanso kwa munthu wachikulire amene ululuwu wangomuyamba kumene. Ululu wadzidzidzi woopsa wotsagana ndi kuuma kwa mimba ngati thabwa ungatanthauze kuti chilonda chaboola, ndipo zimenezi zimafuna opaleshoni mwamsanga.

Chimene chimasokoneza kwambiri zotsatira ndi mankhwala amene wodwala wakhala akumwa. Omepurazo ndi mankhwala ena a gulu lake amachepetsa tizilomboti popanda kutipha, motero mpweya, chimbudzi ngakhale kamnofu zingasonyeze kuti kachilomboka palibe pamene kalipo. Pachifukwachi omepurazo amayenera kusiyidwa kwa milungu 2 munthu asanayezedwe, ndipo maantibayotiki ndi mankhwala okhala ndi bisimasi kwa milungu 4.

Mankhwala Ake

Palibe mankhwala amodzi amene amapha kachilomboka paokha. Nthawi zambiri pamafunika mankhwala ochepetsa asidi, amene amathandiza kuti maantibayotiki agwire bwino ntchito, pamodzi ndi maantibayotiki amitundu iwiri.

Kwa zaka zambiri akuluakulu akhala akupatsidwa mankhwala atatu: omepurazo, amokisilini wa giramu 1, ndi kilarithiromaisini wa mamiligalamu 500, onsewa kawiri pa tsiku. Kale ankamwedwa masiku 7, koma tsopano akatswiri amalimbikitsa masiku 14. Njirayi yachepa mphamvu chifukwa m'madera ambiri kachilomboka kanasiya kumva kilarithiromaisini. Malangizo a akatswiri ndi akuti isagwiritsidwe ntchito kumene tizilombo toposa 15 pa 100 tilitonse sitikumva mankhwalawa, kapena kwa munthu amene anamwapo kale kilarithiromaisini, erithiromaisini kapena azithiromaisini.

Njira ina ndi ya mankhwala anayi: omepurazo kawiri pa tsiku, bisimasi kanayi, tetirasaikilini wa mamiligalamu 500 kanayi, ndi metironidazo katatu kapena kanayi, kwa masiku 14. Mu 2024 bungwe la madokotala a matenda a m'mimba ku United States linalangiza kuti njirayi ikhale yoyambira pamene sizikudziwika mankhwala amene kachilomboka kakumva. Ilibenso amokisilini, motero imathandiza anthu amene thupi lawo limadana ndi penisilini. M'mayiko ambiri a mu Africa kachilomboka sikamva bwino metironidazo chifukwa mankhwalawa amamwedwa kwambiri pa matenda otsekula m'mimba ndi ena, koma akamwedwa pamlingo wokwanira pamodzi ndi bisimasi kwa masiku onse 14 amathandizabe.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zake, ndipo odwala ambiri amawasiyira panjira chifukwa sanauzidwe. Bisimasi amadetsa lilime ndi chimbudzi, koma zimenezi zimatha mankhwala akatha. Kilarithiromaisini ndi metironidazo amawawitsa m'kamwa ndipo ena amachita nseru. Metironidazo samwedwa pamodzi ndi mowa. Tetirasaikilini saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, ndipo mkaka umachepetsa mphamvu yake. Amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo kapena a chifuwa chachikulu ayenera kuuza dokotala, popeza omepurazo amalepheretsa mankhwala monga atazanaviri kulowa bwino m'thupi.

Chitsanzo cha Ndondomeko Yonse

Taganizirani bambo wa zaka 38 amene amadzuka usiku ndi ululu pansi pa chifuwa, ndipo kwa miyezi itatu wakhala akugula omepurazo kufamase. Alibe zizindikiro zoopsa zimene zatchulidwa pamwambapa. Akayezedwa chimbudzi tsiku lomwe wafika kuchipatala, zotsatira zingathe kunama. Choncho dokotala amamuuza kuti asiye omepurazo ndi bulufeni, azitafuna mankhwala wamba oziziritsa asidi ululu ukakula, ndipo abwerenso pa tsiku la 15.

Pa tsikulo chimbudzi chikusonyeza kuti kachilomboka kalipo. Bamboyu akuti sanamwepo mankhwala a gulu la kilarithiromaisini, ndipo bisimasi sakupezeka pa chipatalacho, motero akupatsidwa mankhwala atatu aja mpaka tsiku la 28. Ululu ukutha mlungu woyamba, koma kutha kwa ululu si umboni woti kachilomboka kafa, chifukwa omepurazo payekha amathetsa ululu. Umboni umapezeka poyezanso mpweya kapena chimbudzi patapita milungu yosachepera 4 mankhwala atatha, kutanthauza tsiku la 56 kapena kupitirira, ndipo milungu 2 yomaliza asakumwa omepurazo.

Kachilomboka kakapezekabe, dokotala amafunsa kaye ngati bamboyu anamwa mankhwala onse pa nthawi yake, komanso ngati amasuta fodya, popeza kusuta kumachepetsa mwayi wochira. Kubwereza mankhwala omwewo n'kopanda phindu, chifukwa tizilombo timene tapulumuka kawirikawiri timakhala tosamva kilarithiromaisini. Apa m'pamene pamafunika mankhwala anayi aja okhala ndi bisimasi kwa masiku ena 14, kenako kuyezanso pakatha milungu 4. Njira ziwiri zikalephera, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu kuti akatape kamnofu ndi kuona mankhwala amene tizilombo take tikumva.

Zotsatira Pambuyo pa Mankhwala

Chilonda chaching'ono cha m'chiyambi cha matumbo nthawi zambiri chimapola ndi mankhwala a masiku 14 okhawo. Chilonda cha m'chifu mwenimweni chimafuna omepurazo kwa milungu ina 4 mpaka 8, ndipo chimayenera kuonedwanso ndi endosikope, popeza khansa ina imaoneka ngati chilonda wamba. Munthu wamkulu amene wachira sakatenganso kachilomboka kawirikawiri, ngakhale kuti m'madera a madzi osatetezedwa ndi nyumba zothinana zimachitika. Katemera wake palibe. Munthu amene kholo kapena m'bale wake wabere limodzi anadwala khansa ya m'chifu amalangizidwa kuti akayezetse ngakhale sakumva ululu uliwonse.