"Tamva" ya Mpezeni ndi pepala la Wiese

Ukapita ndi nkhani ya malo kwa mfumu ya Achewa, kaya kwa Chikomeni pa msewu wa Chipata kupita ku Lundazi, sufika n'kuyamba kulankhula ndi mfumu maso ndi maso. Umayamba waona nduna. Nduna ndiyo imakulowetsa, iwe n'kukhala pansi, kuwomba m'manja, n'kupereka kamphatso kako. Mawu ako amadzera pakamwa pa nduna, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo. Kawirikawiri yankho loyamba limakhala lakuti "tamva". Wa m'tauni amene sanakulire kumudzi amatuluka akumwetulira, poganiza kuti zatheka. Koma "tamva" amangotanthauza kuti mawu ako afika. Kuvomera kumabwera pambuyo, akuluakulu atakambirana paokha, mwinanso sikubwera n'komwe.

Kusiyana kotere, pakati pa zimene mlendo wamva ndi zimene mwini dziko wanena, kunathandiza kusintha mbiri ya chigawo chonse cha kum'mawa. Nkhani yake inachitikira kumwera kwa Chikomeni, ku likulu la Mpezeni, mfumu ya Angoni imene asilikali ake ankaopedwa m'midzi ya Achewa ndi Ansenga.

M'chaka cha 1890, Alfred Sharpe anafika kwa Mpezeni atatumidwa ndi Harry Johnston, pa ndalama za kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Anabwera ndi mbendera ndi pangano, ndipo uthenga wake unali wosazungulira: sainani apa, mulowe pansi pa chitetezo cha Britain. Kwa Sharpe, imeneyi inali mphatso. Koma taganizani mmene mawuwa anamvekera m'bwalo la Angoni. Kumeneko munthu wopempha chitetezo anali wogonja, wothawira kwa wamphamvu, amene pambuyo pake amapereka msonkho ndi anyamata a nkhondo. Mpezeni ndiye ankapereka chitetezo kwa ena. Mlendo woyenda ndi anthu ochepa kumuuza poyera kuti "ndikuteteza" kunali ngati kumuuza kuti agwade pamaso pa nduna zake. Anakana. Sharpe anachoka wopanda pepala.

Chimene Sharpe anapeza pamalopo n'chakuti wina anali atamuyambirira kale. Carl Wiese, Mjeremani wochita malonda a minyanga, anali akupita kwa Mpezeni kuchokera ku Tete kwa zaka zingapo. Mkazi wake anali wa ku Tete komweko, ndipo njira za m'mabwalo a mafumu ankazidziwa. Sanabwere kwa sabata imodzi. Ankakhala miyezi, kubweretsa nsalu, mfuti ndi wonga, kudikira akauzidwa kudikira. Iye ndiye anadziika pansi pa mfumu, monga mlendo wololedwa kusaka njovu ndi kuchita malonda, mpaka mawu ake anayamba kumveka m'bwalo. Mu 1891 anatuluka ndi chimene Sharpe analephera kupeza: pepala lomupatsa ufulu wa migodi ndi zina m'dziko la Mpezeni.

Wiese anali waulemu kuposa Sharpe, ndipo ulemu wakewo ndi umene unapweteka Angoni kwambiri.

Funso ndi lakuti, kodi Mpezeni anapereka chiyani? Pa mwambo wa kuno, mfumu ikamuuza mlendo kuti "khala apo, lima apo, kumba apo", yamupatsa malo ogwiritsa ntchito, koma nthaka sinachoke m'manja mwa eni ake. Chilolezocho n'cha munthu ameneyo, amene mfumu yamuona nkhope. Chimakhala chamoyo malinga ngati ubale uli wamoyo: mlendo azibwera kudzaonekera, azipereka mnyanga wa mfumu akapha njovu, asachite chipongwe. Akachoka kapena akalakwa, chilolezo chatha. Sangachitenge n'kukagulitsa kwa munthu wina amene mfumu sinamuonepo.

Ku Ulaya pepala lomwelo linali katundu, monga ng'ombe. Likhoza kugulitsidwa, ndipo linagulitsidwadi. Linachoka m'manja mwa Wiese n'kupita ku kampani, ndipo mu 1895 panabadwa North Charterland Exploration Company, imene kampani ya Rhodes inaipatsa dera la masikweya mailosi 10,000, kapena kuti pafupifupi masikweya kilomita 26,000. Anthu a ku London amene anagula masheya ankayembekezera golide. Palibe mmodzi wa iwo amene anawombapo m'manja pamaso pa Mpezeni.

Mbali zonse ziwiri zinalakwitsanso poyesa kukula kwa munthu amene zinali kulankhula naye. Mpezeni ankaona Wiese ngati munthu amene mawu ake ndi omaliza, kapena ngati khomo lopita kwa Apwitikizi a ku Tete, kumene kunkachokera wonga. Koma mu Juni 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana malire, ndipo dziko la Mpezeni linagwera mbali ya Britain. Nduna yake ngakhale imodzi sinaitanidwe. Nawonso azungu ankaona Mpezeni ngati mwini famu, woti akavomera ndiye kuti onse avomera. Ufumu wa Angoni sunali wotero. Panali nduna zazikulu za m'midzi, panalinso magulu a nkhondo a anyamata, amene ankayang'ana kwa Nsingo, mwana wa mfumu.

Mu 1896 anthu a kampani anafika, Wiese ali nawo. Anayamba kumanga misasa ndi kuyenda m'dziko kufunafuna miyala. Mpezeni, amene tsopano anali wokalamba, sanawathamangitse. M'maso mwa kampani, kukhala chete kumeneku kunali umboni wakuti pepala likugwira ntchito. Ine ndimakuwerenga mwina. Mfumu yaikulu sifulumira kukana mlendo poyera, chifukwa kukana kwa mfumu ndi chiyambi cha nkhondo, ndipo Mpezeni anali atamva zimene zinagwera Lobengula mu 1893 ndi Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895. Pamene mkulu wakhala chete, womvetsa mwambo amatchera khutu kwa amene ali pansi pake, poti zimene mfumu singanene zimatulukira mwa iwo. Ndipo anyamata sankabisa mawu. Ankaona alendo amene anabwera ngati opempha akuyenda ngati eni dziko.

Mu Disembala 1897 Wiese anatumiza uthenga wakuti iye ndi anzake azingidwa. Mu Januwale 1898 asilikali anabwera kuchokera ku dziko limene lero ndi Malawi, atanyamula mfuti za Maxim ndi mizinga. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale. Mpezeni anadzipereka, anasungidwa kwa kanthawi kunja kwa dziko lake, ndipo anamwalira mu 1900. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Nc'wala inazimirira mpaka pamene inadzutsidwanso mu 1980.

Golide wochuluka amene ankamulota uja sanapezeke, choncho kampani inatembenukira ku nthaka yeniyeniyo, n'kumagulitsa mafamu kwa azungu olima fodya mozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Angoni, Achewa ndi Ansenga anapanikizidwa m'madera ochepa, nthaka n'kuguga. Achewa ndi Ansenga ambiri a m'deralo sanali n'komwe m'bwalo la Mpezeni pamene Wiese ankalandira pepala lake, koma linawasamutsa chimodzimodzi. Boma la atsamunda linagulanso mbali yaikulu ya malowo kwa kampani mu 1941, patapita zaka 50 chilembedwere pepalalo, kuti lisamutsireko anthu amene analibe polima.