Kuunika kanivasi ya bizinesi yatsopano: ndalama ndi magulu a makasitomala

Kanivasi ya bizinesi ndi tchati cha tsamba limodzi chokhala ndi zigawo 9, chosonyeza mmene kampani imapezera phindu. Anachiyambitsa ndi Alexander Osterwalder wa ku Switzerland, ndipo chinafala kudzera m'buku limene analemba ndi Yves Pigneur, lotuluka mu 2010. Pounika kampani yongoyamba kumene, zigawo ziwiri zimafunika kuziyang'ana pamodzi: cha magulu a makasitomala, ndi cha njira zolowetsera ndalama.

Wounika amalemba mzere kuchoka pa njira iliyonse ya ndalama kufika pa gulu limene lizilipira. Njira ikasowa gulu, ndiye kuti mwini kampani akuwerengera ndalama zopanda wozipereka. Gulu likasowa njira, pafunika kudziwa amene akulilipirira, monga mmene otsatsa malonda amalipirira omvera wailesi. Mzere ukapezeka, mafunso amatsala atatu: munthuyo alipira zingati, alipira liti, ndipo ndalamayo idutsa pati.

Funso lakuti "liti" ndi limene ambiri amalinyozera. Kampani ya M-KOPA, imene inayamba ku Kenya mu 2011, inkafuna kugulitsa magetsi a sola kwa mabanja osalumikizidwa ku magetsi. Mabanjawa sakanatha kulipira mtengo wonse kamodzi, komabe ankagula palafini pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Choncho kampaniyo inkalandira chikole poyamba, kenako kasitomala ankalipira pafupifupi mashilingi 50 patsiku kwa chaka chimodzi kudzera pa M-Pesa. Mtengo wa tsiku unayandikira zimene banja linkawononga kale pa palafini. M'chipangizocho munali simukhadi, moti wosalipira magetsi ankamuzimira, ndipo womaliza ngongole ankatenga chipangizocho kukhala chake. Apa kuchuluka kwa ndalama, nthawi yolipira ndi njira yake zonse zinatengedwa pa moyo wa gulu lomwelo.

Dongosolo lomweli likhoza kulephera pa gulu lina. Wogulitsa pamsika amagwira ndalama tsiku lililonse, pamene mlimi wa chimanga ku Malawi amaziona akakolola, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale amakhala alibe ndalama. Kampani ikaika awiriwa m'gulu limodzi lotchedwa "anthu akumudzi", yalakwitsa kale. Chizindikiro chake ndi chakuti olembetsa amachuluka koma ngongole zosabwezedwa zimaunjikana m'miyezi imodzimodzi chaka chilichonse. Zikatero gululo ligawidwe pawiri, ndipo mlimi apatsidwe mwayi wolipira zambiri akagulitsa mbewu.

Kanivasi payokha siyesa kanthu, chifukwa imangosunga zimene mwini bizinesi akuganiza. Munthu kunena kuti angagule si umboni. Mzere wa pa tchati umatsimikizika pokhapokha anthu a gululo akalipira mtengo wake weniweni, n'kudzalipiranso nthawi yotsatira ikakwana.