Matayala a ranifulati: mtunda umene amayenda ataphwa ndi malire a kumata kwake

Ranifulati ndi tayala lopangidwa kuti lipitirize kunyamula galimoto kwa kanthawi ngakhale mpweya wonse utatuluka. Tayala wamba likabooka limaphwatalala, limu n'kuyamba kulidula. La ranifulati limakhalabe chiimire, moti woyendetsa amatha kuchoka pamalo oopsa n'kukafika kumene angathandizidwe popanda kuima m'mbali mwa msewu ndi jeke. Matayalawa amapezeka kwambiri pa magalimoto a BMW ndi Mini, komanso pa ma Mercedes-Benz ena, ndipo ambiri mwa magalimoto otere sabwera ndi sipeya.

Maganizo ake si atsopano. Kampani ya Dunlop inatulutsa tayala lotchedwa Denovo ku Britain m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1997 galimoto ya Chevrolet Corvette ku America inayamba kugulitsidwa yopanda sipeya, itavala matayala otere a Goodyear. Palinso mtundu wina wokhala ndi mkombero wolimba womangidwa pa limu m'kati mwa tayala, koma masiku ano umenewo umagwiritsidwa ntchito makamaka pa magalimoto a asilikali ndi onyamula akuluakulu.

Mtundu wofala ndi wa makoma olimba. M'mbali zonse ziwiri, cham'kati, mumaikidwa mphira wochindikala wopirira kutentha. Mpweya ukakhalamo, ndiwo umanyamula galimoto monga mwa tayala lina lililonse. Ukatuluka, katundu yense amagwera pa makoma aja. Mlomo wa tayala nawo umakhala wolimba, ndipo malimu opangidwira matayalawa amakhala ndi kamzere kotukuka kamene kamauletsa kuvuka pokhota. Pofuna kuzindikira tayala lotere, munthu amawerenga zolembedwa m'mbali mwake: RFT pa Bridgestone, SSR pa Continental, ZP pa Michelin, ROF pa Goodyear, kapena RSC pa matayala ovomerezedwa ndi BMW.

Malire amene opanga ambiri amapereka ndi makilomita 80, pa liwiro losaposa makilomita 80 pa ola. Chimene chimaika malirewa ndi kutentha. Tayala lopanda mpweya likamagudubuzika, khoma lake limapindika pamene laponda pansi n'kuwongoka likachokapo, kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Kupindikapindikako kumatenthetsa mphira ngati mmene waya amatenthera ukamaupinda uku ndi uku, mpaka mphirawo umayamba kunyenyeka n'kusiyana ndi ulusi wa m'kati. Choncho makilomita amenewa sabwerera. Tayala limene layenda makilomita 50 lili lophwa silichira chifukwa chakuti lagona usiku kapena lapopedwanso.

Nambala ya 80 siyenera kutengedwa ngati lonjezo. Galimoto yodzaza anthu ndi katundu imapsinja khoma kwambiri, ndipo mabuku a magalimoto ena a BMW amachepetsa mtunda kufika pa makilomita 50 ikakhala yodzaza. Phula lotentha la mwezi wa Okutobala, maenje, kukhota mwaliwiro ndi kuponda mabuleki mwadzidzidzi, zonsezi zimafupikitsa ulendo. Ndipo ngati khoma lenilenilo lang'ambika, monga zimachitikira tayala likamenya dzenje lakuthwa m'mphepete, chinthu choyenera kunyamula galimoto ndicho chawonongeka, ndiye palibenso mtunda woti n'kuudalira. Galimoto ikayamba kunjenjemera, kulira mwachilendo kapena kumveka fungo la mphira wopserera, tayala latha ndipo kuima n'kofunika pomwepo.

Vuto lalikulu la ranifulati ndi lakuti likaphwa silioneka kuti laphwa. Munthu akhoza kulizungulira, kulimenya ndi phazi, n'kuona ngati lili bwino. N'chifukwa chake matayalawa amayenera kuvekedwa pa galimoto yokhala ndi chipangizo chochenjeza za mpweya, chotchedwa TPMS, chimene chimayatsa kanyali kachikasu pa dashibodi. Zipangizo zina zimayeza mpweya kuchokera pa valavu. Zina zimangoona kuti gudumu limodzi layamba kuzungulira mofulumira kuposa anzake, ndipo zimenezi zimafuna kutcheredwanso nthawi iliyonse matayala akapopedwa kapena kusinthidwa. Pa magalimoto akale ogulidwa kunja, kanyali kameneka nthawi zina kamakhala kakuyaka kwa miyezi mpaka mwini wake kukazolowera. Pamenepo chitetezo chonse chatha, pakuti adzayenda liwiro la makilomita 100 pa ola ndi tayala lopanda mpweya osadziwa.

Tiyerekeze kuti munthu wanyamuka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa msewu wa M1, m'galimoto muli anthu anayi ndi zikwama, ndipo kanyali kayaka akufika ku Dedza. Kumene wachokera ndi makilomita opitirira pang'ono 80, kumene akupita ndi oposa 200. Ku Blantyre sangakafike pa tayala lophwa, ndipo ngakhale kubwerera ku Lilongwe kukupyola malire, makamaka ndi katundu ameneyo. Choyamba achepetse liwiro pang'onopang'ono, aime pabwino, ayeze matayala onse anayi ndi geji. Akapeza kuti lina latsika koma mpweya ukadalimo, ndipo chikuoneka ndi msomali pakati, asauzule. Alipope, ayende pang'ono, ayezenso, n'kumatero mpaka kwa omata matayala apafupi. Kilomita iliyonse yoyendedwa ndi mpweya imasunga khoma, ndipo ndiyo ingachititse kuti tayalalo limatike. Akapeza geji ili pa ziro ndipo mpweya sukukhalamo, tayalalo lingomufikitsa pamalo otetezeka, basi. Aganize zogula lina kapena kuitanitsa galimoto yonyamula.

Pa nkhani ya kumata, opanga sagwirizana. Continental ndi Pirelli salimbikitsa kumata matayala awo a ranifulati, pamene Michelin imalola ngati tayala layang'anidwa bwino. Onse nkhawa yawo ndi imodzi: kuwonongeka kwa khoma kumabisala m'kati mwa mphira wochindikala uja, ndipo palibe angatsimikize ndi maso kuti tayala linayenda mtunda wotani lili lophwa.

Kumene kumata kukuloledwa, malire ake ndi awa. Bowo likhale pakati pa mbali yoponda pansi, osati paphewa kapena pakhoma, ndipo lisapose mamilimita 6 kukula kwake. Tayala livulidwe pa limu kuti m'kati muoneke. Wodziwa ntchito amapisamo dzanja n'kuwalitsa tochi: akapeza fumbi lakuda la mphira, makwinya, mzere wopserera wozungulira khoma kapena malo otupa, tayalalo n'lotaya, ngakhale bowo likhale laling'ono chotani. Likakhala loyera m'kati, amamata ndi chigamba chokhala ndi kamchira kamene kamatseka bowo lonse kuti madzi asafike pa mawaya. Kulowetsa chingwe chomatira kuchokera kunja, tayala lili pa limu, n'kofulumira ndipo n'kotchipa, koma pa ranifulati n'koipa kwambiri chifukwa kumadumpha kuyang'ana m'kati, kumene ndiko kofunika koposa. Kuvula kwakenso kumafuna makina oyenera. Zitsulo zamanja zimang'amba mlomo wa tayala, kukanda limu kapena kuthyola kachipangizo ka pa valavu.

Matayalawa ndi okwera mtengo, amagunda kwambiri pa msewu wa mabampu, ndipo kutali ndi mizinda ikuluikulu saizi yake imavuta kupeza. Eni magalimoto ambiri amasinthira ku matayala wamba. Zimenezi n'zotheka, koma ndi bwino kusintha onse anayi, ndipo pa ekiselo imodzi pasakhale mitundu iwiri, chifukwa makoma osiyana kulimba amasokoneza galimoto pokhota ndi poima. Wosinthayo agulenso sipeya, jeke ndi sipanala ya magudumu, pakuti galimoto yopangidwira ranifulati kawirikawiri imabwera yopanda zimenezi.