Akaunti ya Google ikagona zaka ziwiri

Kuyambira pa 1 Disembala 2023, kampani ya Google ikhoza kufufuta akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi makalata a mu Gmail, mafailo a mu Drive ndi zithunzi za mu Photos.

Tiyerekeze kuti mudawatsekulira akaunti amayi anu ku Bowe, m'boma la Dowa. Foni yawo ikawonongeka mu Juni 2025, popanda wolowanso mu akauntiyo, zithunzi zawo zikhoza kufufutidwa kuyambira Juni 2027. Chenjezo limapita ku Gmail yomweyo, imene sakuiwerenga, komanso ku imelo yachiwiri ngati idalembetsedwa. N'kwanzeru kulembetsapo yanu.

Kuti akaunti isafe, lowanimo ngakhale pa foni ina, muwerenge kalata imodzi kapena muonere kanema pa YouTube. Mukatero, zaka ziwirizo zimayamba kuwerengedwa mwatsopano.